Mzere wa 9:12

Atate anga analemba meseji pa 9:12 m'mawa. Nthawiyo sindingaiphonye, chifukwa ndinailemba ndekha m'buku, ndipo bukulo lilipobe m'kabati ya kutchalitchi kwathu ku Kanyama. Amene akufuna akaliwone. Ine ndinatopa nako kufunsidwa.

Dzina langa ndine Chrissie. M'mwezi wa Januwale uja kolera itavuta mu Lusaka, masukulu atatsekedwa, ine ndi amene ndinkagwira foni ya gulu lathu. Gululo silinali la boma, linali la matchalitchi atatu a m'komboni. Tinali ndi kanta imodzi, lole yaing'ono yonyamula odwala kupita nawo kusitediyamu kumene ankalandira a kolera, dalaivala wake ba Sampa. Tinali ndi namwino mmodzi wopuma pantchito, ba Namukolo, amene ankayenda ndi galimotoyo. Ndiye panali foni imodzi, ndi ine. Nambala ya foniyo anailemba pa makoma, pa matanki a madzi, ngakhale pa chitseko cha bala. Kanyama yense ankalemba pa Watsapu, ine ndili pa benchi ya ana a Sande sukulu, madzi a mvula akulowa pansi pa chitseko.

Sabata yoyamba ndinkayankha mmene aliyense amayankhira foni yake: amene ali pamwamba ndi amene wamuona. Komatu foni siika pamwamba munthu amene anayamba kulemba. Imaika amene walemba pomaliza. Munthu wa phokoso, wolemba "halo, halo, muliko?" mphindi iliyonse, amakhala pamwamba tsiku lonse. Wofatsa, wolemba kamodzi n'kudikira mwaulemu, amatsika, natsika, mpaka amira pansi pa anthu makumi asanu. Mwana wosalira amafera kumsana, ndipo ine foniyo ndinali nditaibereka osadziwa.

Umo ndi mmene anafera amuna awo a ba Vera.

Ba Vera amagulitsa kapenta pamsika, mayi wamtali wosaseka. Analemba kamodzi kokha kuti amuna awo akutsegula m'mimba ndipo sakumwa kanthu. Meseji yawo inamira. Tsiku lomwelo galimoto inapita kunyumba kwa mkulu wina wa mpingo wathu, amene akazi ake analemba mameseji makumi awiri ndi kuimba kanayi. Mkuluyo ndi msuweni wa malemu amayi anga. Iye anachira, amuna a ba Vera anafera pa mphasa.

Ba Vera anabwera kutchalitchi patapita masiku awiri, ataika maliro opanda nyimbo, opanda anthu, monga ankaikira a kolera. Anaima pakhomo, osakuwa ayi.

"Ni imwe ba Chrissie?"

"Ndine."

"Motoka ni ya banja yanu, ka? Ise benangu tilibe bululu, tilibe m'bale ku foni, tifunika kufa chabe."

Ndinafuna kufotokoza za pamwamba ndi pansi, koma ungamuuze bwanji mayi wamasiye kuti mwamuna wake anamupha ndi kasanjidwe ka foni? Mawu aja anayenda msika wonse. Pokatunga madzi amayi ankasiya kulankhula ndikafika. Wina anandiuza pamaso kuti, "Ba madamu, tilembeniko naise mu banja." Ine ndine munthu wa mtima wapachala, ndimabweza mawu, koma apo ndinangotola ndowa yanga n'kumapita. Zinandilowa mpaka m'mafupa.

Ba Namukolo ndi amene anakonza zinthu. Anagula buku la masamu, cholembera chofiira, chabuluu ndi pensulo, n'kundikhazika pansi ngati mwana wa giredi yoyamba.

"Kuchoka lelo foni siizakuuzani vochita. Buku ndiye izakuuzani."

Malamulo ake anali awa. Munthu akalemba koyamba, ndimamupatsa mzere m'buku: nthawi, manambala anayi omaliza a foni yake, ndi dera. Pomwepo ndimamutumizira mafunso atatu amene tinasunga kale, ofanana kwa aliyense. Akudwala ndani, wa zaka zingati? Akutha kumwa? Akulankhula, kapena wafooka? Asanayankhe, mzere wake umakhala wa pensulo, ndipo pensulo sitanthauza kuti ali bwino, imatanthauza kuti sitikudziwa. Akayankha kuti wodwala sakumwa, kapena wafooka, maso alowa, kapena ndi mwana wamng'ono, kapena mayi woyembekezera, ndimazunguliza mzerewo ndi chofiira. Ena onse ndi abuluu: ofunsa za klorini, odwala amene akumwa ndi kuyenda, amene ndimawalembera kuti asungunule masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni ya mchere m'lita imodzi ya madzi owiritsa.

Ofiira amayamba. Pakati pa ofiira, amayamba amene analemba kale. Ndinafunsa kuti nanga wina akakhala wofooka kuposa mnzake?

"Pa foni simungapime," anatero ba Namukolo. "Aliyense azakamba ati wake ndiye akufa, ndipo sanama. Mukayamba kusankha na mtima, muzasankha wamene alila bwino. Konkani nthawi."

Wabuluu sayenera kukhala ola lathunthu osamva liwu lathu, ngakhale loti "tikukuonani, mukadali pamzere", kuti ofiira asamudyere tsiku lonse. Wolemba kakhumi sasuntha ndi pang'ono pomwe. Woimba foni ndimamulemba ngati wina aliyense n'kudula msanga, chifukwa foni ikakhala kukhutu ena onse aima. Ndipo lamulo lomaliza analibwereza kawiri: munthu mmodzi, mzere umodzi. Wabuluu akafooka masana, sumuyambitsa pansi. Umabwerera pa mzere wake woyamba n'kuuzunguliza ndi chofiira, nthawi yake ya m'mawa n'kukhala yomweyo, chifukwa wakhala akudikira kuyambira pamenepo.

Komiti ya gulu lathu inawonjezapo zake ziwiri. Foni yangayanga izikhala m'chikwama cha munthu wina pa nthawi ya ntchito, kuti abale asandipeze kumbali. Ndipo pakhale munthu wa m'komboni woyang'anira buku. Anasankha ba Vera. Eya, iwo omwewo. Ankafika ndi mpando wawo wa pamsika, n'kukhala moyang'anana nane, foni yanga ili m'chikwama chawo, pambali pa ndowa ya kapenta. Masiku asanu ndi limodzi tinakhala choncho osapatsana moni woposa "mwauka".

Bukulo linkagwira ntchito, ndisaname. Ofatsa anasiya kumira. Anthu ankafabe, koma ankafa pa mzere wawo.

Tsono atate anga. Ba Edwell, telala wa pafupi ndi mjigo, mwana wa munthu amene anachoka ku Ntcheu kudzaphwanya miyala mu Lusaka. Atate anabadwira kuno koma Chinyanja cha m'tauni sanachilole pakamwa pawo. Ankavala jekete ngakhale popita kukagula ulusi. Ine ankanditcha "mayi anga" chifukwa anandipatsa dzina la amayi awo, ndipo chibadwireni sanandinenepo kuti "iwe". M'mawa uliwonse ankandilembera moni pa foni yanga, moni chabe, n'kudikira kuti ndibweze. Kwa iwo nkhani siyamba moni usanabwere. Ngakhale nyumba itamapsa, atate akanayamba agogoda n'kufunsa ngati ana agona bwino.

Tsiku limenelo mvula inali itagwa kuyambira kuchiyambi kwa sabata. Zimbudzi zinasefukira, madzi a m'njira anali ofika m'mawondo. Pofika naini koloko ndinali ndi mizere makumi atatu ndi inayi, ofiira asanu, galimoto ili pa ulendo woyamba. Kenaka pa foni ya gulu panatulukira nambala yopanda dzina, chithunzi chake makina osokera.

"Mwadzuka bwanji, mayi anga?"

Inali nambala ya atate. Atate anali asanalembepo pa foni ya gulu. Ankadziwa za mawu a ba Vera, anawamva kumsika, ndipo anawawawa kuposa ine. Kuti iwo alembe pamenepo, chinalipo.

Ndinakweza maso. Ba Vera ankayang'ana dzanja langa, monga mwa masiku onse. Nambala ya atate sankaidziwa. Ndinalemba mzere ndi pensulo: 9:12, 4471, kumjigo. Ndiye ndinachita chimene ndimachita kwa aliyense, kutumiza mafunso atatu aja. Moni sindinabweze. Moni wa atate sukhala umodzi, umabala wina, ndi wina, ndipo ndinali ndi mayi wina amene mwana wake wa miyezi isanu ndi itatu anali atasiya kuyamwa.

Anayankha patapita mphindi makumi awiri. Atate ankalemba ndi chala chimodzi.

"Palibe chachikulu. Ndikumwa tiyi. Mukapeza mpata mundiimbire."

Wa zaka makumi asanu ndi awiri, akumwa, akulankhula. Malinga ndi buku, ameneyo ndi wabuluu. Ndinazunguliza ndi chabuluu, ndipo dzanja linachita bwinobwino ngati si langa.

Koma ine ndinkadziwa, abale. Atate sakanauza mwana wawo wamkazi kuti akutsegula m'mimba. Mawu amenewo sakanatuluka pakamwa pawo, ngakhale m'chala chawo. Bambo wa kwathu nkhani ya kuchimbudzi amauza mwamuna mnzake, osati mwana wamkazi, ndiye mwana wake wotchedwa dzina la amayi ake! Ndipo chibadwireni anali asanandipemphepo kuti ndiwaimbire, ankati mwana ali pantchito sasokonezedwa. Zonsezi ndinkazidziwa, koma m'buku munalibe malo olembamo zimene mwana amadziwa za atate ake.

Ndikanatha kunena kuti, "Ba Vera, ndipatseniko foni yanga, ndiimbire ba Sophia aone atate." Ba Sophia amakhala chipinda cha kuseri pa pulote yathu. Mawu opempherawo anali ochepa chabe. Ndinawakonza pakamwa katatu, katatu konse ndinameza. Ndinkaona kale nkhope yawo, ndinkamva kale msika ukuti, "Mwaona? Wayambanso." Kunyada kwanga kunali kouma ngati chikonyo. Ndinadziuza kuti ndikamaliza ofiira ndiwaimbira pa nthawi yawo, poyera, buku likundichitira umboni.

Ofiira sanathe. Ukamaliza mmodzi, pensulo ziwiri zafiira. Mnyamata wina anatumiza mawu ojambula a mphindi zinayi, ndipo ndinayenera kumvetsera onse, chifukwa anthu ena amanena chachikulu kumapeto; iye kumapeto anafunsa ngati tikulemba anthu ntchito. Mayi wina ankaimba n'kudula, kuimba n'kudula, kuti akhale pamwamba. Ndinamulembera kuti, "Muli pa mzere wa 27, kuimba sikukusunthani," iye n'kunditukwana mpaka agogo anga. Wina analemba kuti wodwala wamwalira, tisavutikenso, ndipo ndinadula mzere wake n'kupita pa wotsatira osapuma n'komwe. Batire linkatha, magetsi kunalibe, tinkalitchaja pa kabatire ka sola ka abusa.

Pa 10:15 inakwana nthawi ya abuluu. Ndinawatumizira onse uthenga umodzi: "Tikukuonani, mukadali pamzere. Pitirizani kumwa. Zikasintha tiuzeni." Atate anaulandira pamodzi ndi anthu khumi ndi asanu ndi anayi. Anawerenga, timizere tinasanduka tabuluu. Sanayankhe.

Pa 11:15 ndinatumizanso. Anawerenga.

Pa 12:15 ndinatumizanso. Timizere tinakhala totuwa.

"Mwadwala?" anafunsa ba Vera. Kanali koyamba kundifunsa kanthu kosakhudza buku.

"Iyayi."

"Muyangana chabe pa foni, simulemba."

"Ni njala chabe," ndinatero.

Pa 13:05 foni inalira, nambala yake 4471. Ndinayankha ndi mawu a ntchito. Sanali atate, anali ba Sophia, akupuma mothamanga.

"Halo, ni ba kolera? Kuli ba tate pano bagwa ku toileti. Sibakamba bwino, menso yangena mukati. Nayesa kubapasa manzi, basanza yonse." Kenaka anazindikira mawu anga. "Chrissie? Ni iwe, Chrissie? Mayo, ni batate bako! Bayamba usiku, banabisa. Nawasha mabulangeti..."

"Ndamva, mayi," ndinatero. "Agonekeni chammbali. Muziwapatsa madzi a mchere ndi shuga ndi supuni, pang'onopang'ono, ngati akutha kumeza. Galimoto ibwera."

Ndinadula. Ba Vera anali atatola kale cholembera chofiira n'kundipatsa.

Tsopano mvetsani bwino, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani yonse. Kanta inkanyamula anthu atatu ogona, ndi owaperekeza. Inali m'njira kubwerera kuchokera ku ulendo wachitatu, ndipo ba Namukolo ankayembekeza kuti ndiwatumizire mayina atatu. Ofiira otsala analipo atatu ndendende. Mwana wa zaka ziwiri, 10:50. Mayi woyembekezera, 11:32. Mnyamata wa zaka makumi awiri ndi ziwiri dzina lake Isaac, 12:20, amene amayi ake amagulitsa tomato moyandikana ndi ba Vera. Ba Vera anali atanena kale kuti, "Uyo mwana nimuziba, ndiye amanitandiza kunyamula masaka."

Atate anali achinayi kufiira. Koma lamulo linkati munthu mmodzi, mzere umodzi. Ndinkayenera kutembenuza tsamba, kubwerera pa 9:12, kuzunguliza ndi chofiira. Akanakhala oyamba pa onse. Isaac akanadikira ulendo wotsatira. Sikukanakhala kukondera, likanakhala buku lenilenilo. Dzulo lake ndinali nditachitira zomwezo gogo wina wa kumapeto kwa komboni, ba Vera akuona, ndipo palibe anadandaula.

Koma gogo uja sanali atate anga. Ndinaona galimoto itaima pakhomo pathu, anthu atasonkhana, wina akuti, "Si nyumba ya ba Edwell iyi? Si batate ba uja wa foni?" Ndinaona amayi ake a Isaac akumva kuti mwana wawo anatsitsidwa pa mndandanda kuti akwere telala. Ndani akanafunsa za 9:12? Ndani pamsika amawerenga buku?

Ulendo umodzi unkatenga ola ndi theka. Ndinati atate ndi olimba, sanagonepo m'chipatala. Ndinati ola ndi theka si kanthu.

Sindinatembenuze tsamba. Ndinalemba mzere watsopano pansi: 13:05, 4471, kumjigo, n'kuuzunguliza ndi chofiira. Ndinatumiza mayina atatu kwa ba Namukolo, mwana, mayi, Isaac. Ba Vera anayang'ana m'buku n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinamva kukoma pang'ono kuti agwedeza mutu.

Mvula inayambanso cha m'ma thu koloko, yamphamvu, yosamvana. Ndinapitiriza kuyankha. Mizere inafika makumi asanu ndi awiri. Pa 14:40 ba Sampa anaimba.

"Sisita, tafika, tabasiya. Manje kubwela ni vuto, manzi yadula njila. Mamotoka yonse yaimilila. Tizazunguluka, koma siniziba."

"Mphindi zingati?"

"Sisita, nakamba ati siniziba."

Pa 15:10 ba Sophia anaimbanso. Atate sankamezanso. Ndinawauza kuti afune wilibala, awatulutse nayo kumsewu waukulu, mwina apeza galimoto ina iliyonse. Anati anyamata a mawilibala akukana, akuopa matenda. Ndinati auzeni kuti ndi ba Edwell amene anawasokera mayunifomu a sukulu. Pamenepo ndinaiwala mawu a ntchito, ndinakuwa.

Ba Vera anaimirira.

"Ba Edwell? Ba telala? Ni bandani kuli imwe?"

"Ndi atate anga."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana buku. Anatulutsa foni yanga m'chikwama n'kundiponyera pamiyendo.

"Nanga mukali kuchita chani pano? Yendani!"

"Foni ya gulu..."

"Nizagwila ine. Naona mwamene muchitila. Yendani, imwe!"

Ndinathamanga m'madzi aja opanda nsapato. Kuchokera kutchalitchi kufika kwathu ndi mphindi khumi ndi zisanu pa tsiku louma, ine ndinatenga pafupifupi ola, ndikugwa m'maenje osaoneka. Ndinakumana nawo pa ngodya ya mjigo. Ba Sophia ndi bambo wina woyandikana nafe ankakankha wilibala, atate ali m'menemo atapindika, atawafunditsa pulasitiki. Anali atavala jekete. Ba Sophia anati anakana kutuluka m'nyumba opanda jekete, mawu omaliza omveka amene ananena anali amenewo.

Ndinagwira nkhope yawo. Masaya anali atalowa, khungu la m'manja litakwinyika ngati la munthu wochapa tsiku lonse. Ndinaitana, "Atate! Atate, ndine Chrissie, ndabwera." Maso anali otsegula pang'ono koma sanandione. Tinakankha mpaka kumsewu. Magalimoto awiri anatiwona n'kupitirira. Kanta yathu inafika pa 16:50, ba Namukolo anadumpha isanaime, n'kugwira pakhosi pa atate, n'kukhala choncho nthawi yaitali. Kenaka anachotsa dzanja, nakokera pulasitiki ija kumutu.

Tinawaika mawa lake. Thupi sitinalisambitse, sitinalione, linabwera litakulungidwa kale. Tinalipo anthu asanu. Munthu amene anasokera theka la Kanyama zovala za ukwati, mkulu wa mpingo zaka makumi atatu, anapita wopanda kwaya. Achimwene anga a ku Matero anandifunsa kumanda kuti, "Iwe ndiwe unali na motoka, vinayenda bwanji?" Ndinati madzi anadula njira. Sindinaname, koma sindinanene zoona.

Tsiku lachitatu ndinabwerera kutchalitchi. Kunyumba kunali makina osokera ndi thalauza la munthu lomwe linatsala mwendo umodzi, sindikanatha kukhalamo. Ba Vera anali pa mpando wawo, buku lili pamiyendo, ba Namukolo ataima pawindo. Mmene anandiyang'anira ndinadziwa kuti aona.

"Nkalani pansi," anatero ba Vera.

Anatsegula tsamba la tsiku lija n'kuika chala pa 13:05. Anatembenuza m'mbuyo n'kuika chala china pa 9:12.

"Fo, fo, seveni, wanu. Na apa, fo, fo, seveni, wanu. Ni muntu umozi."

Anagogoda tsambalo ndi chala.

"Ine sininapite patali na sukulu, koma iyi buku naiziba manje. Aba batate benze namba wanu, boyamba pa bonse. Munabajumpa."

"Isaac akanatsala," ndinatero. "Mukanati chiyani? Msika ukanati chiyani?"

"Isaac angatsale, ee. Kapena angafe, kapena iyayi, ni mwana, ali na mphamvu. Siniziba. Koma inali nthawi yao aba." Mawu awo ananjenjemera, koyamba chiwadziwireni. "Ine ninakamba ati musaike banja pasogolo. Sininakambe ati muike kumbuyo. Bwanji simunaniuze? Nenze nkale apa, apa pamene!"

"Ndinkakuopani."

Anatseka buku. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Manje tili babili," anatero. "Wanga anafa chifukwa munalibe buku. Wanu afa na buku ilipo."

Ba Namukolo sananene kanthu za mlandu. Anangoti kuyambira tsopano wachibale akalemba, ndizinena mokweza, wina azigwira mzere wake. Lamulo labwino. Malamulo athu onse anali abwino, ndipo lililonse tinalipeza munthu atafa kale.

Anandipatsa foni. Panali anthu makumi anayi ndi mmodzi osayankhidwa. Ndisanayambe ndinatsitsa mndandanda ndi chala, kufuna chithunzi cha makina osokera. Ndinatsitsa, ndinatsitsa, masiku atatu a anthu anali atawakwirira. Ndinawapeza pansi penipeni. Pamwamba pa tsambalo panali mawu awo, "Mwadzuka bwanji, mayi anga?" Pansi pake mafunso anga atatu, okhala ndi manambala. Kenaka pempho lawo loti ndiwaimbire, kenaka "tikukuonani, mukadali pamzere", katatu.

Ndinayamba kulemba kuti, "Ndadzuka bwino, atate, kaya inu." Ndisanamalize foni inanjenjemera. Nambala yatsopano, mayi wa kuseri kwa msika, mwana wake akusanza. Ba Vera anali atatsegula kale tsamba latsopano, pensulo ili m'manja.

"Nthawi?" anafunsa.

Ndinafufuta moni uja.

"8:47," ndinatero.